Anaba njinga kapena anabweza mbuzi?

Malume anga akhala mlembi wa bwalo la amfumu kumudzi kwathu kwa zaka zambiri. Ali ndi kope lalikulu lachikuto cholimba limene amalisunga m'jumbo kuopa chiswe ndi denga lodontha, ndipo mlandu uliwonse umene unaweruzidwa pansi pa mkuyu uja uli m'menemo. Chaka chatha ndili kumudziko, kunabwera azibambo awiri nkhope zili gwaa. Mbale wawo amafuna kufunsira mbeta m'mudzi woyandikana nawo, koma akuchikazi anali atamva kuti munthuyo anabapo njinga, ndipo kuti nkhaniyo inalembedwa m'buku la amfumu. Iwo amakana kwamtuwagalu. Malume anavundukula kope lija, n'kupeza tsamba la zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, n'kundipatsa ine amvekere: "Mphwanga, maso anga atha. Tawerenga apa anthuwa amve."

Chimene ndinawerenga ndi ichi: "Mbuzi imene mnyamata amene agalu anamuthamangitsa anaigulitsa kwa mlonda wa pachigayo inabwezedwa kwa mayi amene mwana wawo anaberedwa njinga ndi mlamu wa mlondayo."

Panali zii. Kenaka aliyense anayamba kuyankhula nthawi imodzi. Mlamu wa mlonda uja ndiye anali wofunsira mbetayo. Wina anati chiganizocho chikunena poyera kuti anaba njinga. Wina anati ayi, chikunena kuti anabweza mbuzi. Malume, amene analemba ndi dzanja lawo, anangogwira kukamwa, poti milandu ya mbuzi yadutsa yambiri pabwalopo ndipo uwu anali atauiwala.

Mawu ake ndi 23 okha, ndipo palibe ngakhale limodzi lachilendo. Mwana wa Sitandade 4 angawerenge onsewo osagwa lilime. Chovuta n'chakuti m'chiganizo chimodzichi muli nkhani zinayi zolowana ngati nsomba za m'dengu limodzi, ndipo muli anthu asanu, agalu, mbuzi ndi njinga. Ziganizo zoterezi timakumana nazo m'makalata a malo, m'maminitsi a banki m'khonde, m'nkhani za kukhoti za m'nyuzipepala, ndi m'mapepala a mayeso. Nthawi zambiri timangozidumpha n'kutolapo zimene tikufuna kumva. Koma pali njira yozimasulira, ndipo Chichewa chimatipatsa zida zake m'manja.

Musayambire kumayambiriro

Chizolowezi chathu powerenga n'choti dzina loyamba ndilo wochita, ndipo dzina lotsatira mneni ndilo wochitiridwa. M'ziganizo zazifupi chizolowezichi sichitipusitsa kawirikawiri. Koma Chichewa sichidalira malo a mawu pofuna kusonyeza amene wachita chinthu. Umboni weniweni uli mkati mwa mneni.

Taonani chiganizo ichi: "Mkango unaipha njati." Mneni "unaipha" wanyamula timawu tiwiri tolozera. Koyamba ndi "u", kamene kakuloza mkango, poti timati mkango uli, mkango unabangula. Kachiwiri ndi "i" wapakatiyo, amene akuloza njati, poti timati njati ili, njati inathawa. Kotsogolako kamaloza mwininkhani, wochitayo. Kapakatiko, kamene kamakhala pafupi ndi tsinde la mneni, kamaloza pamtherankhani, amene zamugwera. Tsopano sunthani mawuwo mmene mungafunire. "Njati unaipha mkango." "Njati mkango unaipha." "Unaipha njati mkango." Kulikonse, wakufa ndi njati. Koma siyani mayinawo pamalo pawo n'kusinthanitsa timawu tiwiri tija, munene kuti "Mkango inaupha njati," ndipo mkango ndiwo wagona pansi, ngakhale dzina lake ndilo layamba.

Akatswiri awiri a ziyankhulo, Joan Bresnan wa ku Yunivesite ya Stanford ndi Mmalawi mnzathu Sam Mchombo, amene waphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley m'dziko la Amerika, anafotokoza zimenezi m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1987, ndipo anthu ophunzira za kapangidwe ka ziyankhulo amaiwerengabe mpaka pano. Anaonetsa kuti mneni akakhala ndi kachidutswa kolozera pamtherankhani, mawu atatu a chiganizo chotere angathe kuyalidwa m'njira zonse zisanu ndi imodzi, tanthauzo la wochita ndi wochitiridwa osasintha. Kachidutswako kakachoka, ufuluwo umathanso: pamtherankhani amayenera kutsatana ndi mneni. Mungathe kunena kuti "Mkango unapha njati" kapena "Unapha njati mkango," koma "Njati unapha mkango" khutu la Mchewa limakana. Agogo anu sanawerengepo nkhani ya akatswiriwa, koma lamuloli salilakwitsa.

Choncho pomasula chiganizo chachitali, sindiyamba ndi mayina. Ndimayamba ndi aneni. Tsiku lija ndinapempha pensulo, n'kukopera chiganizocho pachikuto cha kope la mwana wasukulu (buku la amfumu silichekedwachekedwa), n'kudula mzere kunsi kwa mneni aliyense. Anapezeka anayi: anamuthamangitsa, anaigulitsa, inabwezedwa, anaberedwa. Aneni anayi, zochitika zinayi. Wina anathamangitsa wina, wina anagulitsa chinthu, chinthu chinabwezedwa, wina anaberedwa.

Kenaka ndinazunguliza mawu otsegulira nthambi. Amene anaphunzira Chichewa kusekondale akukumbukira nthambi yoima payokha ndi nthambi yosaima payokha. Nthambi yosaima payokha nthawi zambiri imalowa ndi mawu monga amene, imene, chimene, omwe, kuti, chifukwa, ngati, ngakhale, pamene. M'chiganizo cha malume munali atatu: imene, amene, amene. Lililonse mwa mawu atatuwa lili ndi mneni wake amene likumudikira. Aneni anayi kuchotsapo atatu, watsala mmodzi, ndipo wotsalayo ndiye thunthu la chiganizo chonse. Kuwerengera kumeneku kumaoneka kwachibwana, koma kumakuuzani msanga ngati wolembayo anataya mneni panjira, zimene zimachitika kawirikawiri m'makalata olembedwa mofulumira. Mukapeza mawu otsegulira nthambi anayi ndi aneni anayi, dziwani kuti chiganizocho chilibe thunthu, ndipo vuto si mutu wanu.

Chitenje chomaliza kumanga

Mbali yoyamba ya chiganizochi ndi imene imazunguza mutu poiwerenga, ngakhale kuti siimene inadanitsa anthu. "Mbuzi imene mnyamata amene agalu anamuthamangitsa anaigulitsa." Mayina atatu andandalikana popanda mneni pakati pawo, kenaka aneni awiri agundana. Wowerenga amanyamula mbuzi m'mutu, asanaitule amusenzetsa mnyamata, asanamutule amuwonjezera agalu.

Lamulo lake n'lomwe amalidziwa mayi aliyense wovala zitenje ziwiri: chimene mwamanga pomaliza ndicho mumayamba kumasula. Nthambi yotsegulidwa pomaliza ndiyo imayamba kutsekedwa. Apa yomaliza kutsegulidwa ndi "amene agalu", motero mneni woyamba kufika, "anamuthamangitsa", ndi wake. Nanga anathamangitsa mnzake ndani? Kachidutswa kotsogola sikatithandiza, chifukwa timati galu anathawa, agalu anathawa, mnyamata anathawa, onse ndi "a". Kapakati ndiko kakuulula. "Mu" ndi wa munthu mmodzi. Agalu ndi ambiri, sangakhale "mu". Wothamangitsidwa ndi mnyamata. Malume akanalemba kuti "anawathamangitsa", nkhani ikanatembenuka, mnyamata ndiye akanakhala kumbuyo ndi chibonga. Kusiyana kwa liwiro la mtondo wadooka ndi chamuna chothamangitsa agalu kwagona pa zilembo ziwiri.

Tsekani nthambi imeneyo ndi chala kuti isaoneke. Chotsala ndi "Mbuzi imene mnyamata anaigulitsa kwa mlonda wa pachigayo", ndipo mutu wapepuka kale. Mu "anaigulitsa", "i" akuloza mbuzi, ndipo "a" akuloza mnyamata. Kunena zoona "a" ameneyu akanathanso kuloza agalu, koma agalu alandira kale mneni wawo, komanso sitinamvepo galu akutsatsa malonda. Mawu oti "kwa" nawo ndi oyenera kuwayang'anitsitsa, chifukwa paokha sanena kumene katundu akulowera. Kugulitsa kwa mlonda ndiye kuti mbuzi yapita kwa mlonda. Kugula kwa mlonda ndiye kuti yachokera kwa iye. Mneni ndiye amauza "kwa" koyang'ana.

Tsekaninso nthambi yachiwiriyi. Chatsala n'chakuti "Mbuzi inabwezedwa kwa mayi." Thunthu lija ndi limeneli. Pakati pa "mbuzi" ndi "inabwezedwa" pali mawu khumi, koma "i" wakumayambiriro kwa mneni wadumpha onsewo n'kukagwira mwini wake. Mnyamata, agalu ndi mlonda onse amayenda ndi "a". Mbuzi yokha ndiyo ikuyenda ndi "i" m'chigawo chimenechi. Magulu a mayina amene tinkawaloweza monyinyirika m'kalasi, Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi, I-Zi ndi ena aja, ntchito yake ndi imeneyi. Ali ngati chizindikiro chodula kukhutu kwa ng'ombe: ngakhale isakanikirane ndi za eni kudambo, mwini wake amailoza.

Mwina mukufunsa chimene malume analowetseramo agalu m'nkhani ya mbuzi. Inenso ndinawafunsa. Anati anyamata oweta anali awiri apachibale, ndipo mudzi wonse unkamudziwa wogulitsa mbuziyo ndi tsiku limene agalu a kusitolo anamuthamangitsa mpaka kukwera mumtengo. Mayi aja nawo sakanawatchula dzina lawo lenileni, poti ndi munthu wamkulu, choncho anawalozera ndi tsoka limene linagwera mwana wawo. Nthambi zambiri za "amene" zimabadwa motero. Sizifotokoza mlandu, zimangoloza munthu. Pa tsiku lolembalo aliyense amadziwa kuti izi n'zolozera chabe. Pakapita zaka, wowerenga sasiyanitsanso cholozera ndi mlandu weniweni.

Mchira wa mneni

Mutu wa mneni umakuuzani amene akukhudzidwa. Mchira wake umakuuzani mmene akukhudzidwira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mphunzitsi wathu ankazitcha misintho ya aneni.

"Inabwezedwa" ili mumsintho wochitidwa. Mbuzi ndi mwininkhani, inde, koma siinachite kanthu. Inangokokedwa pachingwe. Mukaona "dwa" kumapeto, dziwani kuti dzina limene mneni akugwirizana nalo ndi la wochitiridwa, ndipo wochita weniweni mwina wabisika, mwina akubwera ndi mawu oti "ndi". Olemba malipoti amaukonda msinthowu chifukwa umalola kunena kuti ndalama zinasowetsedwa popanda kuloza chala aliyense.

"Anaberedwa" ndi wozama kuposa apo, chifukwa muli misintho iwiri yosanjikizana. Kuba, kubera, kuberedwa. Yerekezani "mwana anabedwa" ndi "mwana anaberedwa". Koyambako mwanayo wasowa, mudzi uli kalikiliki kusakasaka. Kachiwiriko mwana ali pakhomo, akulira njinga yake. Kachidutswa ka "er" kalowetsa munthu wachitatu m'nkhani, amene chinthu chachitikira kwa iye, kaya momukomera kaya momupweteka. Ndiye mu "mwana wawo anaberedwa njinga" muli mbali zitatu: wolandidwa ndi mwana, chotengedwa ndi njinga, wakuba sanatchulidwebe.

M'chiganizo cha malume mulibe msintho wochititsa, koma sindingaudumphe chifukwa umasokoneza milandu yambiri. "Amfumu anadulitsa mtengo" sizitanthauza kuti amfumu anagwira nkhwangwa. Analamula, wina n'kudula. "Mayiyo anamangitsa mwamuna wake" ndiye kuti omanga ndi apolisi, mayiyo anangokadandaula. Koma "anamangitsa chingwe" angatanthauzenso kuti anachimanga zolimba yekha. Ndipo pali mneni mmodzi amene ndimamuopa m'maminitsi a magulu osunga ndalama: kubwereka. Timati "ndinabwereka khasu kwa mnzanga," ndiponso timati "mnzanga anandibwereka khasu." Mawu amodzimodzi akugwira kwa wopereka ndi kwa wolandira. Mlembi wochenjera amalemba kuti anakongola kapena anakongoza, anabwereka kwa uje kapena anabwereketsa, kuti chaka chikamatha pasakhale kulozana zala.

Kamawu kodanitsa

Tsopano tafika pamene panagona mkangano. Zitatu zadziwika popanda wotsutsa: agalu anathamangitsa mnyamata, mnyamata anagulitsa mbuzi kwa mlonda, mbuzi inabwezedwa kwa mayi aja. Chachinayi, mwana wa mayiwo anaberedwa njinga. Kwatsala mawu anayi akumapeto, "ndi mlamu wa mlondayo", ndipo funso n'lakuti akukoleka pa mneni uti.

"Ndi" ndi kamawu kakang'ono kosenza ntchito zambiri. Kamalumikiza, monga mchere ndi sopo. Kamasonyeza chida, monga kudula ndi mpeni. Kamasonyeza woperekeza, monga kupita ndi mwana. Kamasonyeza wochita pambuyo pa msintho wochitidwa, monga kulumidwa ndi njoka. Palinso "ndi" wina wonena chimene munthu ali, monga uyu ndi mphunzitsi, amene poyankhula amamveka ndi liwu lotsika kusiyana ndi enawo, koma papepala onse amafanana. Mmodzi mwa azibambo aja anaseketsa anthu ponena kuti mwina mbala inaba njinga pamodzi ndi mlamu yemwe. Malamulo a chiyankhulo sakuletsa kumva choncho, nzeru zokha ndizo zikukana.

Matanthauzo enieni opikisana ndi awiri. M'chiganizochi muli aneni awiri a msintho wochitidwa, ndipo onse awiri alibe wochita. Mbuzi inabwezedwa, ndi yani? Mwana anaberedwa, ndi yani? Mawu akumapetowo angathe kuyankha funso lililonse mwa awiriwa. Mukawakoleka pa mneni wapafupi, mlamu ndi mbala ya njinga. Mukatseka ndi chala nthambi yonse ya "amene mwana wawo anaberedwa njinga", monga tinachitira ndi nthambi zina zija, chotsala ndi "Mbuzi inabwezedwa kwa mayi ndi mlamu wa mlondayo", ndipo mlamu yemweyo wasanduka mkhalapakati wokonza zinthu.

Khutu limathamangira tanthauzo loyamba, chifukwa mwachibadwa timakoleka mawu atsopano pa chimene tangomva kumene. N'chifukwa chake amene anamva chiganizochi chikuwerengedwa kamodzi kokha anapita kwawo ndi mbiri yoti mlamu ndi wakuba. Koma kufulumira kwa khutu si umboni. Apa timawu ta m'kati mwa mneni tatha mphamvu, chifukwa mneni wa msintho wochitidwa sanyamula chizindikiro chilichonse cha wochita. Ndinawauza anthuwo mosabisa kuti chiganizo ichi pachokha sichingaweruze. Amene angakuuzeni kuti chikunena chimodzi chokha ndiye kuti wasankha yekha.

Pakamwa vutoli silikanabuka. Woyankhula wofuna kunena kuti mlamu anabweza mbuzi akanapuma pang'ono atatchula njinga, liwu n'kutsika, kenaka n'kumalizitsa. Wofuna kunena kuti anaba akanathamanga osapuma. Chichewa chimadalira kwambiri kukwera ndi kutsika kwa liwu, koma kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezo. Nenani mokweza kuti "sabata yatha" kutanthauza kuti sabata yafika kumapeto, kenaka munenenso "sabata yatha" kutanthauza ija tadutsayi. Mumva kuti "ya" wachiwiriyo wakwera. Kukwerako ndiko kumasonyeza nthambi yolozera ngakhale popanda mawu oti "imene". Papepala zonsezi zimafufutika, ndipo chotsala ndi mpatuliro, kachizindikiro kopumira kaja. Malume akanaika mpatuliro umodzi pambuyo pa "njinga", bwenzi azibambo aja asanayende mtunda wonsewo. Koma kusowa kwa mpatuliro sikutsimikizanso kanthu, chifukwa m'kope lonselo malume sanaikemo mpatuliro ngakhale umodzi.

Chiganizo chikakanika chokha, mboni zake ndi ziganizo zoyandikana nacho. Ndinabwerera m'buku la amfumu n'kuwerenga tsamba lonse. Mutu wa mlandu unali wa mbuzi, osati wa njinga. Chiganizo cham'mbuyo chinkanena kuti mlonda anali kuchipatala pa tsiku la chiweruzo, zimene zikufotokoza chifukwa chake panafunika wina womuimira. Ndipo mizere itatu kutsogolo kwake panali mawu akuti mayiwo anadandaulanso pabwalo kuti wakuba njinga ya mwana wawo sanapezekebe. Ngati wakubayo anali asanapezeke, sangakhale mlamu amene watchulidwa pamwambapa. Mlamu anabweza mbuzi.

Pamene ulemu umaphimba nkhani

Chiganizo cha malume chinali ndi mwayi umodzi: munali mbuzi, agalu ndi mnyamata, a magulu osiyana kapena a chiwerengero chosiyana, motero timawu tolozera tinali ndi pogwira. Zinthu zimafika povuta zedi pamene onse otchulidwa ndi anthu akuluakulu. Mwambo wathu umafuna kuti wamkulu timutchule ngati ambiri, ndipo zikatero aliyense amakhala "a", aliyense amakhala "wa", chilichonse chimakhala "chawo".

Tamvani ichi, chimene ndinachilandira pafoni kuchokera kwa mlongo wanga: "Agogo anawauza amalume kuti awapatse azakhali ndalama zawo atabwera kumaliro." Wouza mwina ndi agogo, poti ndiwo ayamba, koma taona kale kuti mneni wokhala ndi kachidutswa kapakati amalola mayina kusinthana malo, ndiye angathenso kukhala amalume. Ndalamazo n'za yani? Za agogo, za amalume, za azakhali, "zawo" akuvomera onse. Anabwera kumaliro ndani? "Atabwera" sakusankha. Ndipo "kumaliro" komweko, anabwera kuchokerako kapena anafikako? Palibe pensulo imene ingamasule chiganizo ichi. Ndinaimba foni n'kufunsa.

Njira yoyesera ilipo, ngakhale ndi yamwano pang'ono, choncho ichitireni mumtima. Avuleni ulemu anthuwo mmodzimmodzi. Yerekezani kuti amalume ndi kamwana, munene kuti "anakauza kamwana kuti kawapatse". Kenaka yerekezani kuti azakhali ndi gulu la mbuzi, "kuti azipatse". Mukasintha gulu la dzina limodzi, mumaona timawu timene tikusintha nalo limodzi, ndipo mumazindikira malo enieni amene chiganizo chikulola matanthauzo awiri. Sizikupatsani yankho, koma zimakupatsani funso loyenera kukafunsa. M'malo monena kuti "sindinamve," mumafunsa kuti "ndalamazo n'za azakhali kapena za agogo?"

Timawu tina tiwiri timabisa wochita mwanjira yomweyi. Koyamba ndi "n'ku", monga mu "anatenga ndalama n'kupatsa mkazi wake n'kuthawa". Kameneka kalibe chizindikiro cha mwininkhani, kamangobwereka wa mneni wam'mbuyo. M'chiganizo cholunjika zimayenda bwino. Koma pakati pakalowa nthambi ina, monga "anaitana mnyamata amene anatenga ndalama n'kuthawa," muyenera kuima n'kudzifunsa ngati wothawayo ndi mnyamata kapena woitana uja. Kachiwiri ndi "ata". "Atamumenya, anathawa." Wothawa angakhale womenya, poopa apolisi, kapena womenyedwa, poopa chibakera chachiwiri. M'nkhani za kukhoti zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, chomwe ndicho chiyankhulo cholembera milandu m'makhoti athu, timawu tiwiriti timachuluka, chifukwa womasulira amafuna kusunga chiganizo chimodzi chachitali monga anachipezera. Chingerezi chili ndi mawu osiyana olozera mwamuna ndi mkazi, ndipo chiganizo cha mwamuna womenya mkazi chimamveka bwino m'menemo chifukwa cha mawu amenewo. Chikalowa m'Chichewa onse awiri amasanduka "iye", kusiyanako n'kutayika. Womasulira waluso amabwereza dzina, amvekere mkaziyo, bamboyo, woyamba uja, ngakhale chiganizo chitalike kapena chiduke pawiri.

Woyankhula Chichewa pabwalo amachita zomwezo osaganizira n'komwe. Amaloza ndi "uyu", "uyo" ndi "uja". Amati "iwowo" kapena "eni akewo". Amasiya kufotokoza n'kuyamba kutengera mawu a munthu mwini, amvekere "ndipatseni ndalama zanga," ndipo "zanga" sasokoneza ngati "zawo". Zida zimenezi timazitaya tikagwira cholembera, poganiza kuti chiganizo chachitali ndicho chaulemu ndi chauphunziro.

Azibambo aja asananyamuke anapempha kuti mawuwo akonzedwe. Malume anakana kufufuta kalikonse m'buku la amfumu, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Anatenga cholembera n'kulemba m'mphepete mwa tsambalo, ine ndikuwatchulira: "Mnyamata uja anagulitsa mbuzi ya mayiwa kwa mlonda wa pachigayo. Mlamu wa mlondayo ndiye anabweza mbuziyo kwa mayiwa. Wakuba njinga ya mwana wawo sanadziwike." Agalu tinawasiya kunja. Amfumu anabwera n'kusaina kunsi kwake, tsiku n'kulembapo, ndipo mmodzi mwa azibambowo anajambula tsambalo pafoni kuti akaonetse ankhoswe akuchikazi.